Munthu wangonditumizira linki yokha osalembapo kanthu, ndimuyankhe chani? Mafunso ndi mayankho

Izi ndikulemba za pa WhatsApp makamaka, poti ndi pomwe ambirife timakumana nazo tsiku ndi tsiku. Foni yalira, mwatsegula, mwapeza mzere umodzi wabuluu basi, palibe moni, palibe "taonani izi", palibe chilichonse. Maganizo anga ndi oti amene watumiza ndi amene akuyenera kunena chomwe watumizira, ndiye yankho loyamba labwino nthawi zambiri limakhala funso, ndipo funsolo lizipita musanadine linkiyo. Zotsalazo ndi za mmene mungafunsire molingana ndi amene watumiza komanso mmene mungaiwerengere linki ndi maso musanaikhudze.

Kodi ndikuyenera kuyankha ndithu?

Zimatengera komwe yafikira. Ikakhala pa gulu la anthu mazana, simukuyenera kuyankha ayi, palibe amene akudikira inuyo panokha. Koma ikabwera kwa inu nokha kuchokera kwa munthu amene mumadziwana naye, ndibwino kuyankha olo mawu awiri, chifukwa timizere tiwiri tija tikasanduka tabuluu iye waona kale kuti mwawerenga, ndipo kwa anthu ambiri kukhala chete kumamveka ngati kunyoza. Dziwani kuti timizereto timangonena kuti mwaona meseji, sitinena kuti mwatsegula linki. Ndiye musadzikakamize kutsegula poganiza kuti adziwa kuti simunatsegule.

Ikachokera ku nambala yomwe simukuidziwa, osayankha. Za izo tikamba pansipa.

Nanga bwanji anthu amatumiza linki yokha, kulemba mawu awiri kumavuta?

Zifukwa zake si zoipa zonse. Ambiri amadina Share ali mkati mwa Facebook, TikTok kapena YouTube, nkusankha dzina lanu, basi yapita, ndipo mmutu mwawo akuona ngati mwaona zomwe iwo akuona pa sikirini yawo. Ena munakambirana nkhani ina dzulo pa maliro kapena mu minibasi, iwo akupitiliza nkhani yomweyo pomwe inu munaiwala kalekale. Akuluakulu ena kutaipa kumawavuta, maso kapena zala, ndiye kudina Forward ndi komwe amakwanitsa. Alipo ena amene amafuna kukuuzani chinthu koma akuopa kuchinena pakamwa pawo, mwina ulaliki wokhudza mowa kapena nkhani ya mabanja, ndiye amaponya linki kuti iwalankhulire.

Koma chilipo chifukwa china chomwe chimandichititsa kuti ndizilimbikira zofunsa kaye. Akaunti ya munthu ikabedwa, wakubayo amatumiza meseji imodzimodzi kwa anthu onse amene ali mufonimo, ndipo nthawi zambiri sadziwa kuti inu ndi mlamu kapena abusa a mwini akauntiyo, sadziwa ngati mumalankhulana Chichewa kapena Chitumbuka. Akalemba zambiri agwidwa, ndiye amatumiza linki yokha kapena ndi timawu tochepa tachingerezi. Choncho linki yopanda mawu yochokera kwa mbale wachikondi ndi yochokera kwa wakuba zimaoneka chimodzimodzi, dzina ndi chithunzi zomwezo.

Ndifunse bwanji kuti asaone ngati ndikuwakayikira kapena kuwachitira mwano?

Apa ndi pomwe anthu ambiri amakakamira, makamaka wotumiza akakhala wamkulu. Mnzanu wa msinkhu umodzi palibe vuto, "aise ndi chani ichi?" kapena "iwe zachani izi, ndiuze kaye" zakwana. Koma apongozi simungawalembere choncho.

Kwa makolo, amalume, azakhali kapena apongozi yambani ndi moni ngati mmene mungachitire mutakumana nawo panjira, kenako vuto muliike pa inu kapena pa foni yanu osati pa iwo. Mwachitsanzo: "Mwaswera bwanji amalume? Ndalandira zomwe mwatumiza koma sindinatsegule. Ndi nkhani yanji kodi, kuti ndidziwe ngati ndi zachangu?" Kapena: "Zikomo amayi, ndaona. Bandulo yomwe ndili nayo ndi ya WhatsApp yokha ndiye sizitseguka, mungandiuzeko mwachidule olo pa voisi?" Zimenezi nenani zikakhala zoona, ndipo kwa ambirife zimakhala zoona ndithu. Kuwapempha voisi kuli ndi ubwino pawiri, kwa iwo ndi kosavuta kusiyana ndi kutaipa, ndipo inu mumamva mawu awo enieni nkutsimikiza kuti foni ili mmanja mwa mwini wake.

Kwa abwana kuntchito funso lizikhala la zochita, chifukwa bwana akatumiza linki kawirikawiri pali chomwe akufuna chichitike. "Ndalandira bwana. Mukufuna ndingowerenga kapena pali choti ndikonze, ndipo chikufunika liti?" Funso limeneli limakupulumutsani ku kutha tsiku lonse mukulemba lipoti pa chinthu chomwe iwo amangofuna muchione, kapena kungoyankha "zikomo" pomwe iwo amadikira kuti mudzaze fomu isanakwane 4 koloko.

Chomwe sindikonda ndi kuyankha ndi chizindikiro cha funso chokha, kaja ka ? kokhakokha. Kwa mnzanu wapamtima bola, koma kwa wina aliyense kamamveka ngati mwakwiya, ndipo mwangobweza zomwezo zotumiza chinthu chopanda mawu.

Kungoikapo kachala koloza mmwamba sikokwanira?

Ngati mwatsegula, mwawerenga ndipo mukugwirizana nazo, kokwanira. Ngati simunatsegule musaike, chifukwa wotumiza amatenga kuti mwavomereza. Taganizani linkiyo ikunena zonyoza munthu wina wa pa gulu lomwelo, kapena ndi nkhani yabodza yoti wakuti wamwalira, kenako pansi pake pali kachala kanu aliyense akukaona. Kulemba "ndalandira, ndiona madzulo" kumatenga timasekondi tochepa ndipo sikukumangani pa chilichonse.

Ndingadziwe bwanji komwe linki ikupita ndisanaidine?

Ili ndi luso lomwe ndimafuna aliyense atalidziwa, ndipo silovuta. Linki ili ngati adiresi ya pa envulopu, pali malo amodzi okha pomwe palembedwa mwini nyumba weniweni ndipo zina zonse ndi zokongoletsa. Yambani pomwe pathera `https://` nkumawerenga mpaka mufike pa kamzere kopendekera koyamba, `/`. Imani pamenepo. Tsopano bwererani mmbuyo, kuchokera kumanja kupita kumanzere, mawu omaliza asanafike kamzereko ndi amene akunena mwini tsamba. Zomwe zili kumanzere kwenikweni mwini tsamba atha kulembapo chilichonse chomwe wafuna, olo dzina la banki, la boma kapena la kampani ya mafoni. Zomwe zili kuseri kwa kamzere kopendekera nazonso amalemba mmene wafunira.

Nachi chitsanzo chongopeka:

```
https://gov.mw.thandizo-laulere.xyz/lembetsani
```

Diso limathamangira pa `gov.mw` nkuganiza kuti ndi za boma. Koma kamzere koyamba kali pambuyo pa `xyz`, ndiye mwini wake ndi `thandizo-laulere.xyz`, dzina lomwe munthu aliyense atha kugula ndi ndalama zochepa. Masamba a maunduna a boma la Malawi amathera ndi `gov.mw` pamalo enieni aja, kamzere kasanafike, osati koyambirira. Mukangozolowera kuwerenga chobwerera chonchi, ma linki ambiri achinyengo mumawagwira osawatsegula nkomwe.

Yang'ananinso zilembo zosinthanitsa, `0` m'malo mwa `o`, `1` m'malo mwa `l`, kapena `rn` zomwe pa sikirini yaying'ono zimaoneka ngati `m`. WhatsApp pena imalemba chenjezo loti Suspicious link ikapeza zilembo zachilendo, koma kusapezeka kwa chenjezolo sikutanthauza kuti linki ndi yabwino. Chimodzimodzi `https` ndi kaloko kaja, zimangonena kuti njira yapakati pa foni yanu ndi tsambalo ndi yotsekeka, sizinena kuti mwini tsamba ndi wachilungamo. Akuba nawonso amakhala nako kaloko.

Nanga ma linki afupiafupi aja osaoneka mutu wake?

Ena ndi a makampani odziwika ndipo amakuuzani mtundu wa chinthu chomwe chili mkati. `youtu.be` ndi vidiyo ya YouTube, `fb.watch` ndi vidiyo ya Facebook, `vm.tiktok.com` ndi TikTok, `maps.app.goo.gl` ndi malo pa mapu, `wa.me` imakutsegulirani macheza ndi nambala inayake, `chat.whatsapp.com` ikukuitanirani mu gulu. Izi zimathandiza poyankha, chifukwa mutha kufunsa mwachindunji kuti "gulu limeneli ndi la chani ndipo akuyendetsa ndani?" musanalowe, poti mukalowa anthu osawadziwa atha kuona nambala yanu.

Koma `bit.ly` kapena `tinyurl.com` ndi zophimba chabe, aliyense atha kubisamo adiresi iliyonse. Ya `bit.ly` mutha kuikopa, nkuimata mu Chrome, nkuwonjezera `+` kumapeto kwake, imakuonetsani komwe ikupita osakupititsaniko. Ndipo `forms.gle` musamale nayo mwapadera. Ndi ya Google ndithu, koma fomu ya Google munthu aliyense atha kupanga kwaulere mu mphindi zochepa nkuikapo chizindikiro cha bungwe lililonse. Ma fomu ambiri abodza olemba ntchito amayenda motere, amatenga dzina, nambala ya chiphaso ndi nambala ya foni, kenako wina amakuimbirani kuti mutumize ndalama yoti dzina lanu lilowe pa mndandanda.

Pali chithunzi ndi mutu wa nkhani pamwamba pa linki, si umboni woti ndi zenizeni?

Ayi. Kabokosi kaja kamapangidwa ndi foni ya wotumiza potenga chithunzi ndi mutu zomwe mwini tsamba anaikiratu, ndiye mwini tsamba akafuna kuti paoneke chizindikiro cha banki kapena nkhope ya nduna, pamaoneka zomwezo. Mbali inayo, kusowa kwa kabokosiko sikutanthauza kuti linki ndi yoipa. Munthu akamata linki nkudina kutumiza msangamsanga netiweki ili yofooka, kabokosi sikapezeka. Ndiye kagwiritseni ntchito pongofuna kudziwa mutu wa nkhani, koma chokhulupirira ndi adiresi ija.

Chizindikiro chothandiza kwambiri ndi kamuvi kolembedwa Forwarded, makamaka timivi tiwiri tolembedwa Forwarded many times, zomwe zimatanthauza kuti mesejiyo yadutsa mmanja osachepera asanu isanakufikeni. WhatsApp inachepetsa kutumiza kotere mu 2019 kuti meseji izipita kwa anthu kapena magulu asanu okha pa nthawi imodzi, ndipo mu 2020 inati ya timivi tiwiri izipita kumodzi kokha pa nthawi. Mukaona timivi tiwiri dziwani kuti wotumizayo mwina sakudziwa komwe zinachokera, ndiye funso labwino ndi loti "inuyo mwatsegula, mwapezamo chani?"

Mungapereke chitsanzo cha mmene zonsezi zimayendera kuyambira poyamba mpaka pomaliza?

Tiyerekeze chonchi. Ndi mwezi wa Okutobala, anthu ali kalikiliki kusaka fetereza, ndipo azakhali anu akumudzi akutumizirani linki yokha, yofanana ndi ya `thandizo-laulere.xyz` ija. Pamwamba pali timivi tiwiri, kabokosi kakuonetsa matumba a fetereza ndi mbendera.

Choyamba simukudina. Mwawerenga adiresi chobwerera ndipo mwaona kuti mwini wake si boma. Apa mwadziwa kale zambiri, koma simukudziwa ngati atumiza ndi azakhali enieni kapena akaunti yawo ili ndi wina, komanso simukudziwa ngati iwo alembapo kale zinthu zawo. Ndiye mukulemba: "Mwaswera bwanji azakhali? Ndaona zomwe mwatumiza. Mwazitenga kuti zimenezi, ndipo inuyo mwalembapo kale chilichonse?"

Akuyankha pa voisi kuti zabwera pa gulu la amayi a kutchalitchi, akuti ukalembetsa ulandira matumba awiri, ndipo tsambalo lawauza kuti atumize kwa anthu 10 kaye kuti dzina lawo lilowe, nchifukwa chake atumiza kwa inu. Mwamva mawu awo ndiye akaunti ili bwino. Komanso mwapeza chizindikiro chachikulu cha chinyengo, chifukwa palibe ofesi yoona yomwe imafuna kuti mufalitse linki kwa anthu 10 musanathandizidwe. Kufalitsako ndi njira yomwe linkiyo imayendera yokha mwini wake ali phee.

Tsopano funso lofunika ndi loti alembapo chani, ndipo apa ndibwino kuimba foni osati kutaipa. Ngati angolemba dzina ndi boma lomwe amakhala, vuto ndi lochepa. Ngati alemba nambala ya foni, auzeni kuti masiku akubwerawa atha kuimbiridwa ndi munthu wodzitcha wa ku ofesi ya zaulimi kapena wa kampani ya mafoni, wodziwa dzina lawo, wopempha ndalama yolembetsera kapena pini, ndipo angodula foni. Ngati alemba pini ya Airtel Money kapena ya Mpamba, asinthe nthawi yomweyo inu muli pa foni, kudzera pa `*211#` kwa a Airtel kapena `*444#` kwa a TNM, kapena apite kwa ejenti amene amamudziwa koma pini alembe okha. Ngati alandira SMS ya manambala 6 nkuwalemba pa tsambalo, ndiye akaunti yawo ya WhatsApp ili pangozi, onani funso lotsatira.

Mawu omwe mungawauze akhale osawachititsa manyazi, chifukwa iwo amafuna kukuthandizani inu kuti nanunso mupeze fetereza. "Mwachita bwino kundikumbukira azakhali, koma izi si za boma, ndi anthu ofuna kutenga manambala a anthu. Zenizeni zikakhalapo mudzamva kwa alangizi a zaulimi kapena kwa amfumu. Auzeninso ena aja mwawatumizira kuti asalembepo kanthu." Mukawadzudzula mwaukali, ulendo wina akadzaberedwa sadzakuuzani, ndipo pamenepo ndi pomwe ndalama zimapita zambiri.

Ndikukayika kuti amene watumiza si mwini akaunti, nditani?

Zizindikiro zake ndi izi, munthu amene simunalankhulane naye chaka chonse watumiza linki mwadzidzidzi, kapena amene amalemba Chichewa nthawi zonse lero walemba chingerezi chosalala, kapena mukafunsa kuti ndi chani akungoti tsegulani muone osafotokoza, kapena akukana voisi ndi kuimba. Musafunse pa WhatsApp pomwepo kuti "ndi inuyo kodi?" chifukwa wakuba ayankha kuti eya. Muimbireni pa foni wamba, ya mayunitsi, kapena imbirani mkazi wake, mwana wake kapena woyandikana naye nyumba. Akakhala ali ku Joni kapena ku Ulaya poti kuimba nkodula, mufunseni chinthu chomwe sichinalembedwe mmacheza anu akale, kapena pemphani kuti aimbe pa vidiyo.

Pali mtundu wina wa linki womwe umabwera ndi timawu toti ndapeza chithunzi chako apa. Mukatsegula mumapeza tsamba looneka ngati Facebook, likupempha nambala yanu ya foni, kenako likukupatsani zilembo zoti mukalembe mu WhatsApp kuti muone chithunzicho. Zomwe mwachita pamenepo ndi kulumikiza kompyuta ya wakuba ku akaunti yanu, ndipo WhatsApp yanu imapitiliza kugwira ntchito bwinobwino ndiye simuzindikira, iye akuwerenga zonse nkumatumizira abale anu linki yomweyo m'dzina lanu. Kuti muone ngati zachitika, tsegulani Linked devices mu WhatsApp, chilichonse chomwe simukuchidziwa chidineni nkusankha Log out.

Ngati mwini akaunti watulutsidwiratu, alembetsenso WhatsApp ndi nambala yake yomweyo, alandira SMS ya manambala 6, akawalemba wakuba uja amatulutsidwa. Wakuba akakhala kuti anaika kale pini yake ya Two-step verification, mwini wake amadikira masiku 7 kuti alowe popanda piniyo. Nchifukwa chake ndimapempha aliyense kuti aike yake lero, pa Settings, Account, Two-step verification, ndipo muwaikirenso makolo anu mukapita kumudzi.

Nambala yosadziwika yanditumizira linki, ndifunse kuti ndi ndani?

Ine ndimati ayi. Munthu amene ali ndi nkhani yeniyeni, kaya watenga nambala yanu kwa mnzanu kaya akufuna kugula katundu wanu, amayamba ndi kudzitchula dzina. Mukayankha mwangomuuza wotumizayo kuti nambala iyi ili ndi munthu amene amawerenga ndi kuyankha. Yang'anani koyambira kwa nambalayo, ya kuno imayamba ndi +265, ya ku South Africa +27, ya ku Zambia +260, ya ku Mozambique +258, ya ku Britain +44. Ikakhala ya dziko lomwe mulibeko mbale, dinani Block komanso Report. Report imatumiza ma meseji asanu omaliza a munthuyo kwa a WhatsApp ndipo iye sauzidwa kuti ndinu mwachita.

Ochita bizinesi nkhani yawo ndi yosiyana pang'ono poti makasitomala ambiri amakhala manambala achilendo, ndipo pena munthu amatumiza linki ya nsapato kapena diresi yomwe waiona kuti mumupezere. Yankho loyenera ndi "Takulandirani, tikuthandizeni chani? Ngati ndi katundu tumizani chithunzi chake." Kasitomala weniweni amatumiza chithunzi osavuta.

Ndadina kale ndisanaganize, ndaberedwa basi?

Nthawi zambiri ayi. Kungotsegula tsamba nkulitseka, pa foni yomwe mapulogalamu ake mumawasintha kukhala atsopano, kawirikawiri sikuwononga kanthu. Ngozi imabwera ndi zomwe mwachita mutatsegula. Ngati mwalemba pasiwedi, isintheni pompano pa tsamba lenileni, komanso kwina kulikonse komwe mumagwiritsa ntchito pasiwedi yomweyo. Ngati mwadina Allow pomwe tsamba limapempha kukutumizirani mauthenga, mudzayamba kuona zotsatsa ndi machenjezo abodza oti foni yanu ili ndi vairasi, zimenezo mukazitseke mu Chrome pa Settings, Site settings, Notifications. Choopsa kwambiri ndi fayilo yothera ndi `.apk`, imeneyo ndi pulogalamu ya Android yosadzera ku Play Store, ndipo mukailola kuwerenga ma SMS imatha kuona manambala achinsinsi omwe banki imakutumizirani. Ngati mwaiika, zimitsani data, ichotseni, ndipo dziwitsani banki yanu tsiku lomwelo. Mukatero muuzeni amene anakutumizirani uja zomwe mwapeza, chifukwa mwina iyenso anachita zomwezo.

Bandulo yanga ndi yochepa, ndinganene chilungamo kuti sinditsegula?

Nenani, palibe chamanyazi. Vidiyo ya mphindi 10 pa YouTube itha kudya ma MB pakati pa 50 ndi 100 mukaionera pa mlingo wapakati, ndipo amene ali kunja pa wayifai ya mnyumba saganiza zimenezi akamatumiza. Komanso bandulo ya WhatsApp yokha siitsegula masamba ena, ndipo ena amadabwa mayunitsi awo atha chifukwa foni inayamba kudya iwo linki itatseguka. "Achimwene data ndilibe yokwanira vidiyo, mfundo yake ndi yotani?" ndi yankho laulemu. Ikakhala nkhani yolembedwa, apempheni ajambule sikirini pomwe pali mfundo akutumizireni ngati chithunzi, chimenecho chimalowa pa bandulo ya WhatsApp.

Ndatsegula ndipo ndikuona ngati akundinena ineyo, ndiyankhe bwanji?

Ili ndi lovuta kuposa onse chifukwa si la makina, ndi la mtima. Mlamu wanu watumiza vidiyo ya mlaliki akukamba za akazi osamvera amuna awo, kapena mkulu wanu watumiza nkhani ya achinyamata osathandiza makolo, osalembapo kanthu. Mtima umathamanga, mumayamba kulemba ndime yaitali yodziteteza. Imani kaye. Linki yopanda mawu imasiya mpata woti inu muikemo tanthauzo, ndipo munthu ukakhala ndi bala umaikamo tanthauzo lomwe likukupweteka. Nkutheka anatumiza kwa anthu asanu nthawi imodzi, nkuthekanso amakunenanidi. Simungadziwe musanafunse, ndipo mukayankha mokwiya iye atha kungoti "ine ndangotumiza vidiyo, walakwa ndani", inu nkutsala ngati woyambitsa mkangano.

Ndiye mubwezereni mpata wolankhula. "Ndaonera alamu. Pali mbali yomwe mumafuna ndiimvetsetse?" kapena "Achimwene ndawerenga, ngati pali chomwe mukufuna tikambirane ndiimbireni madzulo tikambe." Ngati panalibe kanthu anena, ndipo nkhani yatha popanda chilonda. Ngati panali kanthu, tsopano akuyenera kukanena ndi pakamwa pawo, ndipo nkhani za m'banja zimakambika bwino pa mawu kusiyana ndi kuponyerana mavidiyo.

Pa gulu pali munthu amene amangoponya ma linki tsiku lonse, tichite naye bwanji?

Osamuyankha pagulu mwaukali, anthu amagawikana nkhani nkukula. Adimini amulembere kumbali, ndipo gulu likhale ndi lamulo limodzi lolembedwa pamalo ofotokozera gulu, loti aliyense wotumiza linki alembepo mzere umodzi wonena kuti ndi chani ndipo waitumiziranji. Pa magulu a maliro, a ukwati kapena a banki mkhonde lamuloli ndi lofunika kwambiri chifukwa ma linki amakwirira mauthenga a zopereka. Linki ikakhala yachinyengo, pamenepo yankhani pagulu msanga pogwiritsa ntchito Reply kuti aliyense aone yomwe mukunena, nenani chifukwa chake mwachidule, mwachitsanzo kuti adiresi yake si ya boma ndipo ikupempha pini, kenako adimini aifufute, poti ma adimini amatha kufufuta meseji ya munthu wina kuti ichoke kwa onse.

Nanga ine ndikamatumiza linki ndizilemba chani?

Zinthu zitatu mu chiganizo chimodzi, kuti ndi chani, mwamutumiziranji iyeyo, ndipo mukufuna achitepo chani. "Amalume iyi ndi nkhani ya mitengo ya soya ija timakamba Lamlungu, ndi yolembedwa si vidiyo, werengani mukapeza mpata." Kapena "Aise ntchito iyi ikufuna wa dipuloma ngati yako, atseka Lachisanu, ndaiona pa tsamba la kampaniyo lenileni." Ikakhala vidiyo nenani kutalika kwake ndi mphindi yomwe pali mfundo, kuti wa data yochepa adumphire pomwepo. Ndipo ngati inuyo simunaitsegule, lembani kuti simunaitsegule kapena isiyeni osatumiza.